Bajeti yokhazikika kapena yotsata malonda: yoona ndi iti malonda akapanda kuyenda monga munakonzera?

Aliyense wochita malonda mu Chipata amadziwa kuti Januwale ndi Julaye sizifanana. Mu Januwale ndalama za anthu zathera ku feteleza, mayunifomu ndi ufa, ndipo pa msika wa Kapata ogula amafunsa mtengo n'kupitirira. Mu Julaye alimi agulitsa nshawa, soya ndi thonje, ndalama zikuyenda m'manja, katundu sachedwa pa shelefu. Koma bajeti imene ambiri amalemba kumayambiriro kwa chaka imakhala ndi nambala imodzi ya malonda, yofanana mwezi ndi mwezi. Mwezi ukatha mwagulitsa zochepa kapena zambiri kuposa nambalayo, pepalalo limayamba kukuuzani zinthu zosokoneza: limayamikira mwezi umene mwawononga, n'kudzudzula mwezi umene mwagwira bwino ntchito.

Pali njira zitatu zimene mwini bizinesi yaing'ono angasankhepo. Yoyamba ndi bajeti yokhazikika, yolembedwa kamodzi pa mlingo umodzi wa malonda ndipo sikhudzidwanso. Yachiwiri ndi bajeti yotsata malonda, imene mumaiwerengeranso mwezi ukatha molingana ndi kuchuluka kwa katundu amene watulukadi. Yachitatu ndi bajeti ya milingo itatu, yokonzeratu mwezi woipa, wapakati ndi wabwino. Kusiyana kwake kumaoneka bwino pa manambala, choncho titenge bizinesi imodzi n'kuitsata mpaka pamapeto. Mitengo ili m'munsimu ndi yachitsanzo chabe. Inu muikepo yanu.

Bizinesiyo ndi yopera chiponde, ya mayi wina wokhala ndi makina amodzi operera ndi antchito awiri. Amagulitsa mabotolo a magalamu 500 m'magolosale a m'tauni pa K40 limodzi, ndipo anakonza zogulitsa mabotolo 1,000 pa mwezi, kutanthauza K40,000. Botolo lililonse limadya nshawa zoswa zolemera makilogalamu 0.6, chifukwa posankha, pokazinga ndi popeta makoko zina zimatayika. Pa K25 kilogalamu imodzi, nshawa za botolo limodzi ndi K15. Botolo lenilenilo, chivindikiro ndi pepala lomata ndi K5. Makala okazingira ndi magetsi operera ndi K2. Anyamata a njinga operekera katundu m'magolosale amatenga K2 pa botolo. Zonse pamodzi ndi K24, ndipo izi ndi ndalama zimene zimatuluka pokhapokha botolo likapangidwa. Pa K40 ija pamatsala K16.

K16 imeneyi si phindu ayi. Ndiyo imalipira zinthu zimene zimabwera mwezi uliwonse, mugulitse musagulitse: lendi K2,500, malipiro a antchito awiri K5,000, ndalama yopatulira kutha kwa makina K1,000, ndi magetsi owunikira ndi ena osadalira kupera K500. Zonsezo ndi K9,000. Mabotolo 1,000 akagulitsidwa, K16,000 kuchotsa K9,000 patsala phindu la K7,000. Bajeti yokhazikika ndi imeneyi basi.

Januwale: mabotolo 800

Mwezi watha, mabotolo 800 ndi amene apangidwa ndi kugulitsidwa. Ndalama zolowa ndi K31,200. Nshawa zadya K13,520, mabotolo K4,000, makala ndi magetsi operera K1,900, anyamata a njinga K1,600, ndipo zokhazikika zija ndi K9,000 monga mwa nthawi zonse. Zotuluka zonse ndi K30,020, phindu ndi K1,180.

Mayiyo akaika manambalawa pambali pa bajeti yokhazikika, aona kuti anakonza kutulutsa K33,000 koma watulutsa K30,020, ndiye kuti wapulumutsa K2,980. Pa nshawa pokha anakonza K15,000, wagwiritsa K13,520. Pepalalo likuti antchito asamala zinthu, vuto ndi ogula okha. Phindu laperewera ndi K5,820, ndipo mlandu wonse ukugwera Januwale. Apa ndi pamene bajeti yokhazikika imanamiza munthu, chifukwa ikuyerekeza nshawa za mabotolo 800 ndi nshawa za mabotolo 1,000. Funso loyenera ndi lakuti: mabotolo 800 anayenera kudya zingati?

Bajeti yotsata malonda imayankha funso limenelo. Mumatenga mtengo wa pa botolo wa chinthu chilichonse chosintha n'kuchulukitsa ndi 800, zokhazikika n'kuzisiya momwe zilili.

| | Yokhazikika, 1,000 | Yotsata malonda, 800 | Zochitikadi, 800 |
|---|---|---|---|
| Zolowa | 40,000 | 32,000 | 31,200 |
| Nshawa | 15,000 | 12,000 | 13,520 |
| Mabotolo | 5,000 | 4,000 | 4,000 |
| Makala ndi magetsi operera | 2,000 | 1,600 | 1,900 |
| Njinga | 2,000 | 1,600 | 1,600 |
| Zokhazikika | 9,000 | 9,000 | 9,000 |
| Phindu | 7,000 | 3,800 | 1,180 |

Tsopano K5,820 ija yagawika pawiri. Kuchoka pa K7,000 kufika pa K3,800 ndi K3,200, ndipo imeneyi ndiyo yokha imene yatayika chifukwa cha kuchepa kwa ogula: mabotolo 200 osagulitsidwa kuchulukitsa ndi K16. Yotsalayo, K2,620, ilibe chochita ndi ogula. Yatayikira m'kati mwa bizinesi, ndipo ili m'malo atatu.

Malo oyamba ndi mtengo wogulitsira. Mabotolo 800 pa K40 anayenera kubweretsa K32,000, koma abweretsa K31,200, ndiye kuti botolo limodzi lapita pa K39 tikagawa mofanana. Zotere zimachitika mwini akaona malonda akuvuta n'kuyamba kuchotserako eni magolosale kuti atenge katundu. K1 pa botolo imaoneka yochepa pokambirana pa kauntala, koma yadya K800, ndalama yofanana ndi zimene mabotolo 50 akanasiya. Malo achiwiri ndi makala ndi magetsi, pamene papitirira K300. Mwezi wa mvula makala amakwera mtengo, ndiponso nshawa zachinyontho zimatenga nthawi yaitali pamoto.

Malo achitatu ndi nshawa, ndipo apa ndi pofunika kuchedwapo. Mzere umene bajeti yokhazikika inati mwapulumutsa K1,480 ndi womwewo umene wapitirira ndi K1,520. Kuti mudziwe chochita, muugawenso. M'kaundula wogulira mwalembedwa makilogalamu 520 pa K26. Mabotolo 800 anayenera kudya makilogalamu 480, choncho makilogalamu 40 apita pachabe, ndipo pa mtengo wa mu bajeti wa K25 ndi K1,000. K520 yotsalayo ndi ya kukwera kwa mtengo: K1 pa kilogalamu iliyonse mwa 520. Kukwera kwa mtengo wa nshawa mu Januwale si kwachilendo, popeza zokolola za Epulo ndi Meyi zimakhala zikutha ndipo zina zabwerera m'munda ngati mbewu. Mwini sangakuletse, angangoguliratu nthawi yotchipa ngati mpamba ulipo. Koma makilogalamu 40 aja ndi nkhani ya m'nyumba.

Nshawa zimasowa m'njira zodziwika. Zosungidwa nthawi yaitali zimakhala ndi zofumbwa ndi zachuku zambiri, ndipo zimenezo ziyenera kutayidwa posankha, popeza chuku cha nshawa chimatulutsa poizoni woopsa amene kukazinga sikumuthetsa. Ogulitsa ena amawaza madzi pa nshawa kuti zisavute kuswa. Zotero zimalemera pa sikelo koma zimapepuka pamoto, ndipo ndizo zimachita chuku msanga. Kugula ndi meda m'malo mwa sikelo kumabisanso kusiyana, chifukwa meda wodzaza mwaphiri ndi wodzaza mokulungiza onse amawerengedwa mmodzi. Nthawi zina mabotolo amadzazidwa mopitirira: magalamu 20 owonjezera pa botolo lililonse mwa 800 ndi makilogalamu 16 a chiponde operekedwa ulere. Ndipo nthawi zina, tinene poyera, thumba limatuluka ndi munthu. Njira yodziwira ndi kuyeza katatu kwa sabata imodzi: polandira nshawa, mutasankha, ndi mutakazinga n'kupeta, kenako kuyeza mabotolo khumi otengedwa mwachisawawa. Pamene pagwe kulemera kwambiri, vuto lili pomwepo. Mwini wodalira bajeti yokhazikika sangayambe n'komwe kuyeza, chifukwa pepala lake lamuuza kuti pa nshawa zonse zili bwino.

Ogasiti: mabotolo 1,300

Mwezi wabwino umasokoneza mosiyana. Tinene kuti mu Ogasiti, anthu ali ndi ndalama za zokolola ndipo wamalonda wina wa ku Katete watenga katundu wambiri pokonzekera khamu la ku Kulamba, mabotolo 1,300 atuluka. Nshawa zagulidwa makilogalamu 770 pa K22, zonse K16,940. Bajeti yokhazikika ikuti mwapitirira ndi K1,940, ndipo mwini wosaleza mtima angathe kukalipira antchito. Yotsata malonda ikuti mabotolo 1,300 anayenera kudya makilogalamu 780, a K19,500. Ndiye kuti antchito apulumutsa makilogalamu 10, mtengo wotsika wathandizanso, ndipo zonse pamodzi zapulumutsa K2,560.

Koma mwezi womwewu ndi umene umaonetsa pamene bajeti yotsata malonda imagwera m'mbuna. Njirayi imaganiza kuti zokhazikika zimakhala K9,000 mpaka kalekale, pamene zimakhazikika m'malire ena okha. Ngati antchito awiri aja amatha kusankha, kukazinga ndi kudzaza mabotolo 1,200 pa mwezi, botolo la 1,201 likufuna munthu wachitatu. Waganyu wa mwezi wonse akatenga K1,200, masamu asintha. Pa mabotolo 1,200 phindu ndi K10,200. Pa mabotolo 1,300 kuwerengera kosaganizira malire kukanati K11,800, koma zoona zake ndi K10,600. Mabotolo 100 omalizawo asiya K400 yokha. Wogula wa ku Katete uja akanapempha kuti amuchotsere K4 pa botolo pa mabotolo amenewo, mayiyo akanagwira ntchito yaulere. Choncho polemba bajeti yotsata malonda, lembani pamwamba pake malire ake, mwachitsanzo kuti manambalawa ndi oona kuyambira mabotolo 600 mpaka 1,200, ndipo kupitirira apo pawonjezeke K1,200.

Ntchito yeniyeni ili pa kusiyanitsa ndalama zotuluka

Kuchulukitsa n'kosavuta. Chovuta ndi kudziwa kuti ndalama iti imatsata botolo, iti imatsata mwezi. Lendi ndi nshawa sizivuta. Zovuta ndi zimene zili ndi mbali ziwiri, monga mayunitsi a magetsi, mafuta a galimoto kapena ndalama za foni. Njira yachidule ndi kuyang'ana m'kaundula mwezi umene munapanga zochepa kwambiri ndi umene munapanga zambiri kwambiri. Ngati pa mabotolo 700 munagula mayunitsi a K1,200 ndipo pa mabotolo 1,200 munagula a K1,700, kusiyana ndi K500 pa mabotolo 500, ndiye kuti K1 pa botolo. Mukachotsa K700 pa K1,200 patsala K500, gawo losasintha. Ndi mmene K1 ya magetsi operera, imene ili m'kati mwa K2 ija ya makala ndi magetsi, ndi K500 ya zokhazikika za m'chitsanzo chathu zinapezekera. Samalani kuti miyezi iwiriyo ikhale ya mtengo umodzi wa magetsi ndiponso yopanda chachilendo. Mwezi ngati wa mu 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi ku Kariba magetsi n'kumazima maola ambiri, suyenera kulowa m'masamu otere, chifukwa amene anaperera pa jenereta anali ndi mtengo wina wa pa botolo.

Msonkho umene mabizinesi ang'onoang'ono amalipira ku ZRA powerengera ndalama zonse zogulitsa uli ndi khalidwe lakelake: sutsata mabotolo, umatsata makwacha olowa. Ngati mumaulipira, upatseni mzere wake wowerengedwa pa zolowa, osauika pa zokhazikika. Chimodzimodzi ndalama zodulidwa polandira kapena potapa malipiro a pa foni.

Cholakwika china chimachitika pamene opangidwa ndi ogulitsidwa asiyana. Mu chitsanzo cha Januwale tanena kuti 800 anapangidwa ndipo 800 anagulitsidwa. Mukapanga 1,000 n'kugulitsa 800, nshawa, makala ndi mabotolo muziyeze ndi 1,000 opangidwawo, pamene zolowa ndi ndalama za njinga muziyeze ndi 800. Mukasakaniza, pepala lidzakuuzani kuti makilogalamu 120 asowa, chonsecho ali pa shelefu m'mabotolo 200.

Zonsezi zimatheka m'kope la masamu ndi cholembera. Amene ali ndi Excel pa kompyuta kapena pa foni aike chiwerengero cha mabotolo mu B1, mtengo wa pa botolo mu mzere wotsika wa C, gawo lokhazikika mu D, kenako alembe izi mu E4 n'kukokera pansi:

```
=$B$1*C4+D4
```

Mukasintha nambala ya mu B1, bajeti yonse imasintha yokha.

Pamene yokhazikika imaposa inzake

Tisaitaye. Bajeti yotsata malonda ili ndi chilema chachikulu: imavomera mlingo uliwonse wa malonda. Mukagulitsa 600 idzakuuzani mofatsa kuti phindu loyenera ndi K600, ndipo ngati mwapeza K600, zonse zili m'malo mwake. Mwezi wotsatira 550, idzati munayenera kuluza K200, ndipo mwaluza K200 ndendende, palibe cholakwika. Bizinesi ikhoza kufa mizere yonse ikugwirizana. Yokhazikika ndiyo imasunga cholinga chija cha mabotolo 1,000, ndipo ndiyo imakukumbutsani kuti pansi pa mabotolo 563 mukudya mpamba, popeza K9,000 kugawa ndi K16 ndi 562.5.

Yokhazikika ndi yabwinonso pa ndalama zimene mukufuna kuzitsekera malire: zimene mwini amatenga za pakhomo, zokonzera malo, zolengezera malonda pa wailesi. Zimenezi zikaloledwa kutsata malonda, mwezi wabwino uliwonse zimakwera, ndipo mwezi woipa sizitsika. Wokongoza ndalama, kaya banki kaya gulu losunga ndi kubwereketsa, amafunanso nambala imodzi yoti aione, ndipo ngongole yake imabwezedwa mofanana mu Januwale ndi mu Ogasiti. Kwa bizinesi imene malonda ake sasuntha kwenikweni, monga wopereka buledi wofanana tsiku lililonse ku sukulu yogonera pa mgwirizano wa teremu, kapena wobwereketsa zipinda zisanu, yokhazikika njokwanira, ndipo kuwerengeranso mwezi ndi mwezi n'kutaya nthawi.

Palinso chinthu chimene bajeti yotsata malonda siona: ndalama za m'thumba. Imati mabotolo 1,300 akuloledwa kudya nshawa za K19,500, koma sinena kumene K19,500 ichokere. Nshawa zimagulidwa ndi ndalama pamanja, pamene magolosale ambiri amatenga katundu pa ngongole n'kulipira pakapita masabata. Mwezi wa malonda ambiri ukhoza kukhala womwewo umene mwini akusowa ya lendi.

Milingo itatu

Apa ndi pamene njira yachitatu imalowera. Ziwiri zoyamba zija, ina imalembedwa kale n'kuima, ina imawerengedwa mwezi utatha kale. Ya milingo itatu imagwiritsa masamu omwewo a K24 ndi K9,000, koma mwezi usanayambe. Mumalemba mizere itatu: mabotolo 700, 1,000 ndi 1,300. Phindu lake ndi K2,200, K7,000 ndi K10,600. Nshawa zofunika ndi makilogalamu 420, 600 ndi 780. Pansi pa mzere uliwonse mumalemba chochita: pa 700, kuchepetsa zotenga za pakhomo ndi kusagula nshawa zoposa za masabata awiri, pa 1,300, kuuziratu waganyu, kuitanitsa mabotolo msanga ngati amachokera ku Lusaka, ndi kupempha wogula wamkulu kuti alipireko theka. Pofika tsiku la 10 la mwezi, mabotolo amene atuluka amakuonetsani mzere umene mukulowera. Ngati atuluka 230 okha, muli pa njira ya 700, ndipo ndi nthawi yosiya kukazinga ngati mukupita ku 1,000.

Kufooka kwake n'kwakuti malonda sagwera ndendende pa milingo yanuyo. Januwale uja anagwera pa 800, pakati pa mizere iwiri, choncho poyeza mmene mwezi wayendera mumafunikabe kuwerengeranso pa nambala yeniyeni.

Kwa bizinesi yopanga kapena kuphika zinthu kuno kum'mawa, kumene ndalama za ogula zimatsata zokolola, maganizo athu ndi awa. Zokhazikika ndi zotenga za mwini zikhale pa bajeti yokhazikika, ndipo cholinga cha malonda chikhale chosiyana pa nyengo, osati K480,000 ya chaka kugawa ndi 12. Kugula nshawa, mabotolo ndi kulemba aganyu kutsate milingo itatu. Mwezi ukatha, pasanathe masiku atatu, werengeraninso pa chiwerengero chenicheni, ndipo mufufuze mizere yokhayo imene yasiyana ndi ndalama yoti ingapweteke, monga K500 kupita m'mwamba pa bizinesi ya kukula kumeneku. Mitengo ya pa botolo muisinthe kawiri pa chaka, zokolola zikalowa pa msika mu Juni ndiponso mvula ikayamba mu Novembala. Mukasiya K25 ija chaka chonse, mzere wa nshawa udzaonetsa kupulumutsa miyezi yonse ya chilimwe ndi kupitirira miyezi yonse ya dzinja, ndipo makilogalamu 40 osowa adzabisala m'kati mwa kusiyana kwa mtengoko.